Kalata ya mphamvu yochokera ku Joni: amalume angachite chiyani pa chuma cha masiye?

Maliro akagwa kumudzi mwana ali kunja, amene wakwanitsa amabwera kudzaika, n'kukhala sabata imodzi kapena ziwiri, kenaka ntchito imamuitana. Ena safika n'komwe chifukwa mapepala awo a kumeneko sali bwino, ndipo akatuluka sangalowenso. Koma nkhani ya chuma cha masiye siitha m'masabata awiri. Imadya miyezi, nthawi zina zaka. Ndiye wina amalangiza kuti, "Ingolembani kalata yopatsa mphamvu amalume, aziyendetsa zonse." Kalata imeneyi ndi ija pamutu pake pamalembedwa kuti Power of Attorney, ndipo muno tiziitchula kuti kalata ya mphamvu.

Malangizowa ndi abwino, koma ndi operewera. Ambiri timaganiza kuti kalata ya mphamvu ndi kiyi wotsegulira chuma cha malemu: amalume akaionetsa ku banki, ndalama zituluka, akaionetsa kwa wogula, nyumba igulitsidwa. Sizili choncho. Kalata ya mphamvu imangosamutsa mphamvu zimene wolembayo ali nazo kale. Munthu sangapatse mnzake chimene iye mwini alibe. Ndipo mwana wa malemu, ngakhale akhale woyamba kubadwa, alibe mphamvu yokhudza akaunti ya bambo ake kapena kugulitsa nyumba yawo mpaka khoti litasankha woyendetsa chumacho. Chimene ali nacho ndi ufulu wolandira gawo lake, ufulu wopempha khoti kuti limusankhe, ndi ufulu wofunsa mmene zinthu zikuyendera. Zitatu zimenezi ndi zomwe angatumize kwa amalume m'kalata.

Kuti zimveke, tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza cha banja la kwa Nkaya, m'boma la Balaka, paja pamakumana njanji yochokera ku Limbe ndi ija yopita ku Nayuchi mpaka ku doko la Nacala. Bambo amwalira osasiya wilo. Asiya mkazi wachiwiri, mwana wamwamuna wa zaka 14, mwana wamkazi wa zaka 20 amene ali ku koleji, ndi mayi awo okalamba. Mwana woyamba, wa kwa mkazi woyamba amene anamwalira kale, ali ndi zaka 34 ndipo amagwira ntchito ku Johannesburg. Chuma ndi ichi: chigayo pa Nkaya, nyumba ya lendi pa Balaka, ng'ombe 8, ndalama zokwana K3,200,000 ku banki, ndi munda umene banja limalima. Mwana wa ku Joni uja amakhulupirira amalume ake, mlongo wa malemu mayi ake, amene ndi mkulu wa mpingo ndipo sanamvekepo mbiri yoipa. Akufuna kuti iwo amuimire.

Makalata awiri amene timawasokoneza

Amalume atatenga kalata ya mphamvu yokha n'kupita nayo ku banki, adzabwerera chimanjamanja, ndipo a banki adzakhala kuti sanalakwe. Banki ikamva za imfa ya mwini akaunti imatseka akauntiyo, ndipo imadikira chikalata cha khoti. Ngati malemu anasiya wilo, khoti limatsimikiza wiloyo ndi munthu amene watchulidwamo kuti ayendetse chuma. Ngati sanasiye, khoti limapereka chikalata chotchedwa Letters of Administration, chomwe ndi chilolezo choyendetsera chuma cha masiye. Ichi ndiye kiyi weniweni. Kalata ya mphamvu imachokera kwa mwana. Chilolezo chimachokera ku khoti. Kalata ya mphamvu imanena za gawo la munthu mmodzi. Chilolezo chimakhudza chuma chonse ndi onse oyenera kulandira.

Pali msampha wina pafupi pomwepa. Mwina bambo aja akudwala analembera wina kalata ya mphamvu kuti aziwatapira ndalama, kapena anangomupatsa khadi ndi nambala yachinsinsi. Mphamvu imeneyo inatha tsiku limene anatsikira kulichete. Amene apitiriza kutapa ndalama pa makina kapena pa foni ya malemu, ngakhale akhale akugulira chakudya cha pamaliro, akugwira chuma popanda chilolezo, ndipo pa tsiku lowerengera adzafunsidwa tambala iliyonse. Lamulo limene likugwira ntchito pa nkhanizi ndi la mu 2011, lotchedwa Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, ndipo limati kulanda kapena kusokoneza chuma cha masiye ndi mlandu umene ungatengere munthu kundende mpaka zaka 10. Tikati kulanda chuma timaganiza za achibale obwera ndi lole kudzanyamula mipando. Koma mbale wa mtima wabwino amene wagulitsa ng'ombe ziwiri chifukwa mwana wa ku Joni wamuuza pa foni kuti agulitse, nayenso waponda pamalo oterera.

Lamulo lomweli linasintha chinthu chimene kwa Nkaya ndi madera ena a chikamwini sichinazolowereke kwenikweni. Pa mwambo, chuma cha mwamuna chinkayang'ana ku mbumba yake, kwa alongo ake ndi ana awo. Lamulo la 2011 limati munthu akafa wopanda wilo, olandira ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi anthu amene ankadalira iye. Choncho mwana wa ku Joni ali ndi gawo, ndipo amalume ake angamuimire. Koma mayi omupeza ali ndi gawo lawonso, pamodzi ndi ang'ono ake awiri ndi agogo. Kalata yake singakhudze magawo a anthu anayiwa ngakhale pang'ono.

Asankhe chiyani?

Mwana uja ali ndi njira ziwiri, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa mmene kumaonekera.

Njira yoyamba ndi yoti alole ena ayendetse chuma, mwachitsanzo mayi omupeza pamodzi ndi mng'ono wake wa ku koleji uja, kapena ofesi ya boma ya Administrator General, yomwe m'maboma imagwira ntchito kudzera kwa DC ndipo imadulapo chindapusa chake pa chumacho. Zikatero amalume amangokhala maso ndi makutu ake: kukhala nawo pa zokambirana za banja, kusaina m'malo mwake kuti wavomera oyendetsawo, kuona mabuku, ndi kulandira gawo lake. Ndi katundu wopepuka, ndipo ngozi yake ndi yochepa.

Njira yachiwiri ndi yoti amalume apemphe khoti kuti liwapatse chilolezo choyendetsera chuma m'malo mwa mwana amene ali kunjayo. Lamulo limalola zimenezi. M'banja lathuli sangakhale okha, chifukwa pakakhala mwana wosakwana zaka 18 pakati pa olandira, khoti limafuna oyendetsa osachepera awiri. Ndiye tinene kuti asankhidwa amalume ndi mayi omupeza aja.

Apa pali chinthu chimene ambiri okhala kunja amachizindikira mochedwa. Tsiku limene khoti lapereka chilolezo, amalume asiya kukhala mtumiki wa mwana wa mlongo wawo yekha. Tsopano ndi oyendetsa chuma, ndipo amayankha kwa khoti ndi kwa olandira onse asanu. Mwana uja akaimba foni kuti, "Amalume, mugulitse chigayo munditumizire gawo langa, ndikufuna kulipira nyumba kuno," amalume ali ndi ufulu, ndiponso udindo, woyankha kuti, "Ayi mwanawe, chigayochi n'chimene chikulipira sukulu ya mng'ono wako." Ndipo akakwiya n'kuthetsa kalata ya mphamvu, sikuti chilolezo cha khoti chafufutika pompo. Chimene khoti lapereka chimachotsedwa ndi khoti, ndipo pamafunika kukapempha. Ife tikuona kuti njira yachiwiriyi ndi yoyenera pokhapokha pamene palibe wina pakati pa olandira amene angayendetse zinthu, kapena pamene kukhulupirirana kwachepa moti mbali iliyonse ikufuna munthu wake pa siginecha. Kupanda apo, yoyamba ija imasunga ubale.

Ulendo wa kalatayo

Kalata yolembedwa pa pepala la m'kope n'kujambulidwa pa foni singagwire ntchito ku khoti kapena ku banki. Chanzeru n'chakuti ilembedwe ndi loya wa kuno ku Malawi, amene akudziwa mawu omwe khoti ndi mabanki athu amafuna kuona, kenaka itumizidwe kwa mwiniwake kuti akasaine kumeneko. Loya wa ku South Africa angalembe kalata yokongola imene ikutchula malamulo a dziko lawo, n'kukhala yopanda ntchito ikafika ku Zomba.

Kusaina kumachitika pamaso pa notale, amene ndi loya wokhala ndi udindo wapadera wotsimikiza kuti amene wasainayo ndi iyeyo ndithu. Adzafuna kuona pasipoti kapena chitupa cha unzika. Pambuyo pake kalatayo imapita ku ofesi ya khoti lalikulu la kumeneko kukaikidwa chidindo chotchedwa Apostille, chotsimikiza kuti notaleyo ndi weniweni. Malawi ndi South Africa onse ali m'pangano la ku Hague la mu 1961 lolemekezerana chidindo chimenechi, n'chifukwa chake kalata yotere imalandiridwa kuno. Njira ina ndi kufunsa ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ija ya ku Johannesburg. Amene ali m'dziko lomwe silili m'pangano la ku Hague angadutsire ku ofesi ya kazembe. Ikatha, itumizidwe kalata yeniyeniyo, osati fotokope, ndipo ikafika loya aone za msonkho wa chidindo umene makalata otere amalipira kuno.

Zimene zimabweza makalata ambiri si zazikulu. Ndi maina. Mwana anakwatiwa ndipo pasipoti yake ili m'dzina la mwamuna wake, pomwe m'mapepala a banja ali ndi dzina la bambo ake. Bambo ku banki analembetsa dzina lawo lachikhristu, pa chiphaso cha imfa palembedwa la kumudzi. Wina Saidi, wina Sayidi. Kwa Nkaya palinso ichi: Balaka inakhala boma palokha mu 1998, kale inali mbali ya Machinga, moti mapepala akale a malemu angasonyeze boma la Machinga pomwe atsopano akuti Balaka. Si vuto lalikulu, koma mlembi wa ku ofesi amene akuona mapepala awiri osagwirizana amaima kaye. Loya akauzidwa msanga amakonza chikalata cholumbira chofotokoza kuti munthuyo ndi mmodzi, ndipo mwana wa ku Joni amasainira zonse ulendo umodzi m'malo mobwereranso kwa notale n'kulipiranso.

Mawu a m'kati mwake

Apa ndi pamene tiyenera kukhalitsa, chifukwa ndi pokhapo pamene munthu wokhala kutali ali ndi ulamuliro wonse. Akasaina, zotsalazo zili m'manja mwa ena.

Pali kalata ya mphamvu yotakata, imene imati wotumidwayo achite chilichonse chimene mwini kalata akanachita. Ndi yosavuta kulemba, ndipo ambiri amaikonda poganiza kuti kuchepetsa mphamvu kukhala ngati kunyoza amalume. Koma kalata yotakata siimathera pa chuma cha malemu. Ngati mwana uja ali ndi puloti yakeyake pa Liwonde kapena akaunti yake ku banki ya kuno, kalatayo yakhudzanso zimenezo. Yofunika ndi kalata ya ntchito imodzi: itchule dzina la malemu, tsiku limene anamwalira, ndi kuti mphamvuzi ndi za chuma chawo chokha.

Kenaka itchule zimene amalume angachite chimodzichimodzi, ndi zimene sangachite popanda chilolezo chatsopano cholembedwa. M'banja lathuli tinganene kuti angapemphe khoti chilolezo, angasaine mapepala a msonkho wa chuma cha masiye, angaimire mwanayo pa zokambirana, ndipo angalandire gawo lake poliika mu akaunti yakutiyakuti, nambala yake n'kulembedwa momwemo. Koma sangavomereze m'dzina lake kugulitsa nyumba ya pa Balaka kapena chigayo, sangachite chikole china chilichonse, ndipo sangakane kapena kupereka gawo lake kwa wina. Mfundo yotsirizayi imaiwalika kawirikawiri. Pa bwalo la banja, akuluakulu atakhala pansi pa mtengo wa mango, mawu akuti "wa ku Joni uja ali nazo kale, asiyire anzake" amatuluka mosavuta, ndipo amalume amene ali ndi kalata yotakata angavomere kuti nkhani ithe. Mwina mwanayo akanavomeradi. Koma avomere yekha.

Ikhalenso ndi tsiku lothera, mwina miyezi 12 kapena 18. Kalata yopanda malire imakhala m'sutikesi zaka zambiri ikadali yamoyo. Ntchito ikapitirira, kulemba ina n'kotchipa poyerekeza ndi kusaka yakale imene yaiwalika. Ineneponso ngati amalume angatume munthu wina m'malo mwawo. Lamulo la utumiki limati wotumidwa sangatumenso wina pokhapokha ataloledwa, koma pa moyo wa tsiku ndi tsiku amalume akatanganidwa ndi thonje kumunda amangotuma mwana wawo wamwamuna kukatolera lendi, ndipo mwana uyo si amene anakhulupiriridwa. Pomaliza, iletse poyera kuti amalume, akazi awo kapena ana awo asagule kanthu kalikonse ka m'chumacho. Lamulo limakaikira kale malonda otere, koma zikalembedwa zimawapulumutsa amalume ku mayesero, ndiponso ku pempho la apabanja pawo.

Ngati nyumba ya pa Balaka ili ndi mapepala a lizi ndipo tsiku lina kalatayo idzagwiritsidwa ntchito posintha umwini, iyenera kulembetsedwa ku ofesi ya za malo. Munda uja ndi nkhani ina. Malo a makolo amene sanalembetsedwe sali ngati nyumba ya lizi. Nkhani yake imadutsa ku banja ndi kwa mfumu, ndipo m'dera la chikamwini mundawo ungapezeke kuti ndi wa kuchikazi, sunali wa malemu n'komwe. Chidindo cha ku Johannesburg sichisintha zimenezo. Chimodzimodzi ndalama za penshoni ngati malemu anali pa ntchito: zimenezo zimatsata maina amene mwiniwake analembetsa ku thumba la penshoni, sizilowa m'mulu wogawidwa.

Ndalama zoyendera

Tinene chinthu chimene mabanja amachita nacho manyazi. Amalume adzayenda. Chiphaso cha imfa chimachokera ku ofesi ya kalembera ya NRB, ndipo munthu akafera kumudzi pamafunika umboni wa mfumu. Pali kuwerengetsa mtengo wa nyumba ndi chigayo kuti a msonkho wa chuma cha masiye apereke chikalata chawo, chomwe khoti limafuna lisanapereke chilolezo. Chuma chochepa kwambiri chimatha kuthera kwa majisitireti, koma cha banja lathuli, chokhala ndi nyumba ndi mamiliyoni ku banki, ndi cha khoti lalikulu. Kuchoka pa Nkaya kupita ku Balaka, ku Zomba kapena ku Blantyre, n'kukapeza kuti amene amasaina kulibe, mubwere Lachinayi, ndi ndalama komanso ndi tsiku la kumunda lotayika.

Mbale amene sanauzidwe za kabwezedwe ka ndalama zake amayamba kudzibwezera yekha. Sayamba ngati wakuba. Amatenga K20,000 ya chigayo kuti akwerere minibasi, ndipo n'zoona kuti wakwera. Mwezi wotsatira amatenganso osalemba. Pakutha chaka iye mwini sadziwa kuti anatenga zingati, ndipo akafunsidwa amapsa mtima chifukwa m'mtima mwake akudziwa kuti wavutikira ana a eni. Kupewa zimenezi n'kugwirizana poyamba, molemba: ulendo uliwonse ulembedwe m'kope ndi tsiku lake ndi mtengo wake, zoyendera za ntchito ya chuma chonse zichoke m'chumacho, ndipo ngati mwana wa ku Joni akufuna kuwathokoza amalume pa mwezi, achotse m'thumba mwake, osati m'gawo la ang'ono ake.

Kuona uli kutali

Chilolezo chikatuluka, oyendetsa awiri aja amatsekula akaunti ya chuma cha malemu, yosainira onse awiri. Ndalama zonse zilowe mmenemo ndipo zituluke mmenemo. Wokhala m'nyumba ya pa Balaka azilipira K80,000 yake molunjika ku akauntiyo, osati pa manja kapena pa foni ya amalume. Ndalama za chumachi zikangosakanikirana ndi za munthu, ngakhale munthu woona mtima, palibenso angazilekanitse. Sitetimenti ya mwezi ndi mwezi ijambulidwe n'kutumizidwa kwa olandira onse akuluakulu, osati kwa wa ku Joni yekha. Mng'ono wake wa ku koleji uja ndi mboni yabwino kuposa wina aliyense, chifukwa fizi yake ili momwemo.

Chigayo n'chovuta chifukwa ndalama zake ndi za pamanja. Koma chigayo sichinama pa magetsi. Tinene kuti m'miyezi yomaliza ya moyo wa bambo chinkadya mayunitsi 1,000 pa mwezi n'kubweretsa K450,000. Ngati tsopano chikudyabe mayunitsi 1,000 koma m'kope mukulembedwa K250,000, ndiye kuti chimanga chikugayidwa chofanana ndi kale, ndalama zikutsalira panjira. Ngati mayunitsi atsika pamodzi ndi ndalama, mwina n'zoona: ndi Januwale, m'nkhokwe mulibe kanthu, kapena magetsi akuzimazima, kapena wina watsekula chigayo pafupi. Tiyerekeze mayunitsi osati makwacha a magetsi, chifukwa mtengo wa magetsi umasintha. Ndipo kusiyana kukapezeka tisathamangire kuloza amalume. Kawirikawiri dzenje limakhala pa mnyamata wogayitsa, amene wazindikira kuti mwini chigayo kulibenso.

Ng'ombe ziwerengedwe tsiku loyamba pamaso pa mboni, ndipo iliyonse ijambulidwe. Uthenga woti "ija yamawanga inafa" ubwere ndi chithunzi ndi mawu a mlangizi wa ziweto. Khola la ng'ombe 8 lokhala ndi zazikazi limene latha zaka ziwiri osabadwamo mwana ndi lofunika kulifunsa mafunso.

Zizindikiro zina zilibe manambala. Malipoti amene ankabwera ndi zithunzi za malisiti ayamba kubwera ngati mauthenga a mawu okha. Funso lolunjika layamba kuyankhidwa ndi "kodi sukundikhulupirira?" Kwatulukira wogula wachangu amene akufuna nyumba sabata ino. Wina wapempha kuti musaine pepala lopanda kanthu kuti "tidzalembe tikafika ku ofesi". Chimodzi mwa izi pachokha si umboni wa kuba. Amalume angakhale atangotopa. Koma ndi nthawi yopempha mng'ono kapena loya kuti akaone mabuku ndi maso.

Zikafika poti kalata ithetsedwe, kungowauza amalume pa foni sikukwanira. Pamafunika kalata yothetsa, yosainidwa mwa njira yomwe ija, ndipo ipite kwa amalume, ku banki, kwa loya, ndi ku ofesi ya za malo ngati inalembetsedwa kumeneko. Chifukwa chake n'chakuti munthu amene wachita malonda ndi amalume mosadziwa kuti mphamvu zawo zinatha, lamulo limatha kumuteteza, ndipo woluza amakhala mwini kalata. Kalata yeniyeni ija ibwezedwe. Komanso mwana wa ku Joni atamwalira ntchito isanathe, kalata yake yafera pomwepo, ndipo gawo lake lasanduka chuma chake cha masiye, choyenera ana ake.

Tsiku logawa

Oyendetsa amayamba ndi ngongole, osati kugawa. Pa K3,200,000 ija tichotsepo K400,000 ya ngongole za malemu, monga ya wokonza mota ya chigayo ndi ya bokosi la maliro limene linatengedwa pa ngongole, ndi K600,000 ya loya, msonkho, owerengera mtengo wa nyumba ndi maulendo. Zatsala K2,200,000, kuphatikizapo nyumba, chigayo ndi ng'ombe. Oyendetsa amene agawa asanalipire ngongole angathe kudzalipira za m'thumba mwawo, n'chifukwa chake amalume ochenjera safulumira ngakhale foni ikulira tsiku lililonse.

Mwana wa ku Joni mwina wawerengera kale kuti olandira ndi asanu, ndiye lake ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Lamulo silitero. Limayamba ndi kuteteza a m'banja ndi odalira malemu kuti asagwe m'mavuto. Katundu wa m'nyumba amatsala ndi mkazi wamasiye. Zotsala zimagawidwa poyang'ana mmene aliyense alili: zimene malemu ananena pamaso pa mboni zodalirika, thandizo limene mwana analandira kale monga sukulu, ndi zimene mkazi kapena mwana anaikapo pokweza bizinesi. Pakati pa ana, wamng'ono amayenera gawo lalikulu kuposa wamkulu. Choncho mwana wa zaka 34 amene bambo anamuphunzitsa mpaka kumaliza ndipo ali pa ntchito angalandire zochepa kuposa wa zaka 14. Kumbali ina, ngati iye ndiye anatumiza marandi ogulira chigayocho, lamulo limawerengera zimenezo, koma pafunika umboni. Malisiti a ndalama zimene ankatumiza zaka zonsezo, amene ambiri timataya, ndiwo angamuyankhulire. Awatumize kwa amalume pamodzi ndi kalata ya mphamvu ija.

Gawo likadziwika patsala funso loti lipite kuti. Kutulutsa ndalama m'dziko muno kumadutsa ku banki motsata malamulo a Reserve Bank of Malawi, ndipo banki idzafuna kuona chilolezo cha khoti ndi chikalata cha kagawidwe. Ndalama zakunja zakhala zikusowa, ndiye kudikira kumakhalapo. Kudikirako kuli ndi mtengo wake. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene anali ndi K1,000,000 mu akaunti anagona ali ndi madola pafupifupi 850 n'kudzuka ali ndi 590. Nyumba ndi ng'ombe sizinagwe chotero. N'chifukwa chake kwa wokhala kunja kuumirira kuti zonse zigulitsidwe kuti alandire ndalama kawirikawiri kumamuluzitsa iye yemwe. Kutenga gawo lake ngati ng'ombe zitatu, kapena ngati gawo la umwini wa nyumba ya pa Balaka lolembedwa m'dzina lake, kumasunga mtengo. Koma zikatero ntchito ya amalume sinathe, yangosintha: tsopano akuyang'anira katundu wa mwana wa mlongo wawo, osati chuma cha malemu. Kalata yoyamba ija sinanene za zimenezo, ndipo pafunika ina yatsopano, yotchula ng'ombezo ndi nyumbayo, ndi amene azilandira lendi.